Kuchoka pa masilayidi ambiri n'kufika pa tebulo limodzi la opikisana nanu

"Ndimagwira ntchito m'sitolo yogulitsa mbewu ndi feteleza kuno ku Ulongwe. Abwana andipatsa masilayidi 14 onena za ogulitsa atatu amene tikulimbirana nawo alimi, ndipo akufuna tebulo limodzi losonyeza mphamvu ndi zofooka za aliyense. Ndayesa kukopera mawuwo, koma tebulo langodzaza osanena kanthu. Ndiyambire pati?"

Achemwali, tebulolo silikunena kanthu chifukwa mwalimanga motsata masilayidi, pamene liyenera kumangidwa motsata mlimi. Masilayidi amalembedwa wogulitsa mmodzimmodzi, ndipo wolemba amaika chimene chamukopa pa aliyense: pa woyamba anena za galimoto zake, pa wachiwiri za mtengo, pa wachitatu za chipongwe cha antchito ake. Zinthu zotere sizingayerekezedwe, chifukwa funso limene lafunsidwa kwa mmodzi silinafunsidwe kwa enawo.

Choncho tsekani kaye masilayidiwo, mutenge pepala, mulembe mafunso amene mlimi wa mbatata ya kachewere wa ku Tsangano kapena wa chimanga wa ku Domwe amadzifunsa asanatulutse ndalama. Mtengo wake ndi wotani? Kodi katunduyo apezeka mvula ikamayamba? Kodi angapereke pa ngongole? Nanga thumba lifika bwanji kumudzi? Kodi mbewuyo imera? Mafunso asanu kapena asanu ndi limodzi ndi okwanira, ndipo lililonse likhale mzere wake wopingasa. Ogulitsawo akhale m'mizere yotsika, ndipo woyamba ukhale wa sitolo yanu. Ambiri amadzisiya kunja, koma ine ndimaumirira pamenepa, pakuti mphamvu ya mnzanu ilibe tanthauzo ngati simunaiike pambali pa yanu.

Mukatero bwererani ku masilayidi. Mu PowerPoint, View kenako Outline View imakuonetsani mitu ndi mawu a masilayidi onse pamodzi, koma samalani: zimene zinalembedwa m'mabokosi oonjezera, m'matebulo kapena pa zithunzi sizioneka pamenepo, ndipo nthawi zambiri mitengo imabisala komweko. Muyenera kuyang'anabe silayidi iliyonse ndi maso. Chiganizo chilichonse chifunseni kuti chikuyankha funso liti mwa mafunso anu aja. Chimene sichikuyankha funso lililonse, monga chaka chimene sitolo inatsegulidwa, chisiyeni ngakhale chikhale chosangalatsa.

Ntchito yeniyeni ili pa mzere wa mtengo, ndipo ndikhalitsapo pang'ono. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekezera, muikepo anu. Tinene kuti inu mumagulitsa thumba la feteleza la makilo 50 pa mametikali 3,100. Sitolo yaikulu ya m'tauni, imene tiitche A, imagulitsa thumba lomwelo pa 3,000. Wogulitsa B ali ndi matumba a makilo 25 pa 1,400, ndipo C, wa pa msika, amapima makilo 5 pa 350. Silayidi ya C mwina inalembedwa kuti "wotsika mtengo," chifukwa 350 imaoneka yochepa. Pa Excel patsani wogulitsa aliyense mzere wake, kuyambira ndi inu: ikani mtengo m'kabokosi B2 ndi makilo m'kabokosi C2, ndipo mu D2 mulembe:

```
=B2/C2
```

Kokerani pansi kwa onse. Mupeza kuti kilo imodzi kwa inu ndi mametikali 62, kwa A ndi 60, kwa B ndi 56, ndipo kwa C ndi 70. Amene silayidi inamutcha wotchipa ndiye wodula kuposa onse. Ndiponso ngati B sanyamulira mlimi pamene inu mumakatula kumudzi, ndipo wanjinga yamoto amalipiritsa mametikali 150 pa makilo 50, kilo ya B imakwera kufika pa 59, moti kusiyana kwanu ndi iye sikulinso 6 koma 3.

Apa ndi pamene pamafunika kuganiza, osati kukopera. Kodi timatumba ta C ndi mphamvu kapena chofooka? Kwa mlimi wa munda waukulu amene amagula matumba khumi, ndi chofooka choonekeratu. Koma kwa mayi amene ali ndi mametikali 400 m'kansalu ndipo akufuna kuthira pa dimba lake la kabichi, C ndi yekhayo amene angamuthandize lero, ndipo inu ndi thumba lanu la makilo 50 mulibe naye ntchito. Chinthu chimodzi chomwecho chakhala mphamvu kwa wogula wina ndi chofooka kwa wina. Ndiye chifukwa chake pamwamba pa tebulo muyenera kulemba kuti mukuyerekezera pofuna mlimi wotani. Ngati abwana akufuna magulu onse awiri, pangani matebulo awiri aafupi m'malo mokakamiza limodzi.

M'kabokosi kalikonse lembani chinthu choyezeka poyamba, chigamulo pambuyo: "70 pa kilo, chofooka," osati "mtengo woipa." Mawu ngati "amatumikira bwino" kapena "ndi wodalirika" asandutseni chochitika chimene munthu angatsimikize, monga "amatsegula Lamlungu" kapena "amalandira malipiro pa M-Pesa ndi e-Mola." Mukalephera kuwasandutsa, dziwani kuti anali maganizo a wolemba silayidi. Mukafuna mitundu, ikani wobiriwira ndi wofiira, koma mawu akuti mphamvu ndi chofooka asachoke, chifukwa tebuloli likasindikizidwa pa makina a inki yakuda yokha mitunduyo idzafanana.

Pali misampha iwiri imene imaononga matebulo ambiri. Woyamba ndi kabokosi kopanda kanthu. Ngati masilayidi sananene za ngongole kwa B, sizikutanthauza kuti B sapereka ngongole. Zikutanthauza kuti palibe amene anafunsa. Lembani "sitikudziwa" momveka, ndipo musakapake utoto wofiira. Timabokosi timeneti ndi tothandiza kwambiri, pakuti timauza abwana zimene wina ayenera kukafufuza tsiku la msika likubwerali. Ngati mzere wathunthu uli ndi yankho la wogulitsa mmodzi yekha, uchotseni pa tebulo mpaka mayankho ena atapezeka.

Wachiwiri ndi tsiku. Mtengo wa feteleza umene unaonedwa mu Juni sungaikidwe pambali pa wa mu Novembala, anthu akulimbirana katundu. Kuno kwathu kumalire vutoli limakula, chifukwa wogulitsa wina amatenga katundu ku Dedza kudzera pa Kalomwe ndipo amatchula mtengo m'makwacha. Kumbukirani kuti mu Novembala 2023 kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti nthawi imodzi, moti mtengo wa m'makwacha wopanda tsiku ukhoza kukusocheretsani kutali. Sinthani mitengo yonse ikhale m'mametikali, mulembe pansi pa tebulo mlingo umene mwasinthira ndi tsiku lake, ndipo pambali pa nambala iliyonse muike mwezi ndi nambala ya silayidi imene mwaitenga, kuti wofunsa mum'lozere pomwepo.

Pofuna kudziwa ngati tebulo lapsa, werengani mzere wotsika wa sitolo yanu. Ngati muli mphamvu zokhazokha, tebulolo lalembedwa kuti likondweretse abwana, ndipo lidzawanamiza. Mu chitsanzo chathu, 62 pa kilo ndi chofooka poyerekeza ndi A ndi B, ndipo chiyenera kulembedwa choncho. Kenako perekani tebulolo kwa mnzanu wa pa kauntala amene sanaone masilayidi, mum'funse kuti mlimi wogula matumba khumi angapite kwa yani ndiponso chifukwa chiyani. Akayankha asanakufunseni kanthu, litengereni kwa abwana, ndipo mutu wake ukhale chimene mwapeza, monga "A ndi B akutiposa pa mtengo, ife tikuposa B pa kukatula kumudzi."