Giredi 6, salale 440,000: ndili pati mu bandi yanga?

"Abale ndithandizeni. Kalata imene atipatsa kuntchito akuti ndili pa giredi 6, bandi yake 400,000 mpaka 600,000 pamwezi, ine ndimalandira 440,000 ndipo ndakhala pa mpando womwewu zaka 4. Wina walowa chaka chino pa giredi yomweyi ndamva akulandira 470,000. Ndikuberedwa kapena ndi mmene zimakhalira?"

Achimwene, musanapse mtima ndi mnzanu wa 470,000 uja tengani kaye kalata yanuyo ndi kakyuleta ya pafoni, chifukwa nambala yofunika kwambiri pa nkhani yanuyi sinalembedwe mkalatamo, muyipeza nokha. Ndinagwirapo ku ofesi yoona za antchito zaka zingapo ndiye makalata otere ndawalembapo ambiri.

Tiyambe ndi giredi. Giredi si yanu, ndi ya mpando. Olo mutachoka mawa nkubwera munthu wa madigiri atatu, mpandowo ukhalabe giredi 6. Makampani okhazikika amayeza kulemera kwa ntchito iliyonse osayang'ana amene akuigwira: ikufuna nzeru ndi luso lochuluka bwanji, mavuto amene munthu amathana nawo pamenepo ndi ovuta bwanji, akalakwitsa chimaonongeka nchani. Ena amagwiritsa njira ya Hay yomwe imapereka mapointi pa zinthu ngati zimenezi, ena ya Paterson yomwe imaona kukula kwa ziganizo zimene munthu amaloledwa kupanga yekha nkumuika m'magulu A mpaka F. Ntchito zolemera mofanana amaziika giredi imodzi, nchifukwa chake wa ku akaunti ndi wa ku sitolo atha kukhala onse giredi 6 ngakhale ntchito zawo sizifanana olo pang'ono. Nambala 6 payokha sinena kanthu kunja kwa kampani yanu, kwina giredi 1 ndi bwana wamkulu, kwina ndi wotsikitsitsa, ndiye musamafananize ndi mnzanu wa kampani ina.

Bandi tsopano ndi ndalama zimene kampani yavomera kulipira aliyense wa pa giredi imeneyo, pansi pake ndi pamwamba pake. Vuto la ambirife tikaona 600,000 maso amakakamira pomwepo, timayamba kuwerengera kuti akundidyera 160,000 mwezi uliwonse. Ayi. Bandi imamangidwa kuchokera pakati. Phatikizani 400,000 ndi 600,000 mugawe pawiri, mupeza 500,000. Imeneyo ndiye nambala ndimanena ija. Kawirikawiri kampani imayamba yafufuza kuti makampani ena akulipira zingati pa ntchito yotere kwa munthu woidziwa bwinobwino, wosafunika kumuyang'anira, nkuika ndalama imeneyo pakati, kenako nkutsitsa 20 peresenti kuti apeze pansi, nkukweza 20 peresenti kuti apeze pamwamba. Onani bandi yanuyo: 500,000 kuchotsa 20 peresenti ndi 400,000, kuonjezera 20 peresenti ndi 600,000. Yamangidwa ndendende choncho. Si onse amatsata 80 mpaka 120 peresenti ya nambala ya pakatiyo, mabandi a magiredi otsika amakonda kupanikizana pomwe a mabwana amatambasuka, koma ganizo lake ndi lomwelo.

Ndiye kuti mudziwe pamene muli, gawani salale yanu ndi nambala ya pakatiyo:

```
440000 / 500000 x 100 = 88
```

Muli pa 88 peresenti. A ku ofesi ya antchito amaitchula kompa reshiyo, mukalitchula dzinali pokambirana adziwa kuti mwabwera mutakonzeka kkk. Mnzanu wa 470,000 uja ali pa 94. Palinso kawerengedwe kena koona mtunda umene mwayenda kuchoka pansi: inu mwadutsa pansi ndi 40,000, bandi yonse kutalika kwake ndi 200,000, kutanthauza kuti mwayenda gawo limodzi mwa magawo asanu basi.

Kodi 88 ndi yabwino kapena yoipa? Zimatengera kuti ndinu ndani pa mpandopo. Mmene ambiri amaganizira pomanga mabandi, kuyambira 80 mpaka cha m'ma 90 ndi malo a munthu amene wangokwezedwa kumene kapena akuphunzirabe ntchito, amafunsafunsa, ntchito yake wina amayenera kuionanso. Cha m'ma 95 mpaka 105 ndi malo a munthu amene ntchito akuigwira yonse payekha. Kupyola apo ndi kwa akatakwe amene akhala nthawi yaitali akuchita bwino chaka ndi chaka, kapena amene luso lawo ndi losowa moti kampani ikuopa kuti athawa. Pa 600,000 penipeni pamafika anthu ochepa kwambiri, ndipo amene wafikapo si wa mwayi kwenikweni chifukwa salale yake imaima, ena akamakwezedwa iye amangopatsidwa kandalama kamodzi kapena osapatsidwa kumene mpaka bandi itasunthidwa.

Ndiye funso loti mudzifunse moona mtima, osadzikonda, ndi lakuti ntchito ya mpandowu mumaigwira yonse? Tengani pepala lofotokoza ntchito zanu lija, muwerenge mzere ndi mzere. Ngati pali zinthu ziwiri zitatu zimene mpaka pano amachita ndi bwana wanu chifukwa inu simunazigwire bwino, kapena mafomu oyeza kagwiridwe ka ntchito akhala akutuluka ofooka, 88 si yodabwitsa. Koma ngati zaka 4 zonsezi mafomu akuti mukukwanitsa, bwana akapita ku holide zinthu zimayenda, mwinanso wa 470,000 uja mukumuphunzitsa ntchito ndinu, ndiye kuti mwatsalira, malo anu amayenera kukhala pafupi ndi 500,000.

Kutsalira kotere nthawi zambiri sikuti pali munthu anakhala pansi nkukonza zokuberani, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetse chifukwa zinandichitikira ine ndemwe, ndili mu ofesi yomweyo yolemba makalatawo, manyazi ake. Ndinalowa pa 95 peresenti. Chaka chilichonse amatikweza 5 peresenti ndipo ndinkasangalala, kuthokoza kumene. Koma bandi ankaisuntha ndi 8 peresenti pachaka kuti ifanane ndi kunja, apo ayi anthu atsopano sakanabwera. Patatha zaka zitatu ndinakhala pansi tsiku lina madzulo ndikukonza kalata ya munthu watsopano, ndinati ndiwerengereko yanga, ndinapeza 87. Salale imakwera chaka chilichonse koma ine ndimatsetsereka mu bandi. Wolowa kumene amamulipira mtengo wa lero chifukwa akapanda kutero akana ntchito, wakale amangomuonjezera pa mtengo wa tsiku limene analowa. Ndiye mnzanu uja mwina sanachite kukonderedwa, wangolowa pa mtengo wa chaka chino. Ngati muli ndi makalata akale, werengerani peresenti ya chaka chilichonse ndi bandi ya chaka chimenecho muone ngati ikukwera, yaima kapena ikutsika. Munthu amene akuchita bwino imayenera kumakwera kupita ku 100. Ikamatsika ndiye umboni wanu ndi umenewo.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi musanapite kulikonse: muonetsetse kuti mukufananiza zinthu zofanana. Mabandi ambiri amanena za besiki, msonkho usanadulidwe, popanda ma alawansi, ovataimu kapena bonasi. Ena amaphatikiza zonse. Ngati 440,000 yanuyo ndi imene imalowa ku banki atadula kale msonkho ndi penshoni, masamu onse tapanga apawa agwa, tengani peyisilipi muone mzere wa besiki muwerengerenso. Chimodzimodzi 470,000 ya mnzanuyo, mwangomva, simunaone pepala, mwina muli alawansi mkati.

Chinanso, funsani ngati bandi yanu ili ndi masitepe, ena amati manotchi. M'mabungwe ambiri a boma ndi ena akuluakulu giredi imagawidwa masitepe okhazikika ndipo munthu amakwera imodzi pachaka ngati sanalakwe kanthu. Kumeneko nkhani ya pakati ija ilibe mphamvu kwenikweni, bwana wanu sangakudumphitseni olo atafuna, chofunika nkuwerenga kuti munalowera sitepe iti ndipo zaka 4 zakupatsani masitepe angati. Ikasowa imodzi ndi nkhani ya mafayilo, amakonza ndipo nthawi zina amabweza ndi ma ariyasi. Koma mmene mwalembera, pansi ndi pamwamba pokha, ikuoneka ngati bandi yotseguka, ndipo yotereyi ndi imene munthu amatha kukambirana.

Pokakambirana musatchule dzina la mnzanu. Mukangotero nkhani imatembenuka kukhala yoti mwadziwa bwanji salale ya wina, inu nkutuluka mulibe kanthu ndipo mnzanuyo mwamuika m'mavuto. Nkhani yanu ikuima payokha: ndili pa 88 peresenti ya pakati pa bandi, ndagwira zaka 4, mafomu anga ndi awa, kampani imafuna munthu achite chani kuti afike pa 100 ndipo zimatenga nthawi yaitali bwanji? Funso limeneli ndi lovuta kulizemba. Dziwaninso kukula kwa chimene mukupempha, kuchoka pa 440,000 kufika pa 500,000 ndi 60,000, pafupifupi 14 peresenti, ndipo ndi makampani ochepa amene angapereke zonsezo kamodzi kunja kwa bajeti. Chimene chimatheka kawirikawiri nkugawa kawiri, theka pano theka pakatha miyezi 6 kapena chaka, koma zilembedwe, za pakamwa bwana akasintha zimathera pomwepo. Ndipo pitani bajeti ya chaka chamawa isanatsekedwe, osati makalata okweza atatuluka kale.

Mwina wina mu gulu muno akuuzani kuti limbanani ndi pulomoshoni basi. Onani kaye manambala. Mabandi oyandikana amalowerana, tiyerekeze giredi yotsatira pamwamba panu ili 480,000 mpaka 720,000, pakati pake 600,000. Munthu wakale wa pa giredi yanu amene ali pa 590,000 akuposa watsopano wa giredi yapamwambayo amene ali pa 490,000, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Inu atakukwezani lero kuchokera pa 440,000, ambiri angokuikani pansi pa bandi yatsopanoyo, 480,000, mwapeza 40,000 yokha, ntchito yachuluka, ndipo mwayambiranso pa 80 peresenti. Denga lakwera inde, nchabwino, koma mukanayamba mwakonzetsa malo anu pa giredi 6 nkufika 500,000, pulomoshoni yomweyo bwenzi akuwerengera kuchokera pamenepo. Pokhapokha ngati ntchito imene mukugwira panopa yakula kuposa imene inalembedwa muja, mwachitsanzo anakupatsani anthu oti muziwayang'anira amene kale kunalibe, apo ndiye pempho lake ndi lina, mupemphe kuti mpandowo auyezenso giredi, ndipo mupite ndi pepala lakale la ntchito zanu pamodzi ndi mndandanda wa zimene mukuchita lero.