Pasiwedi ayi achemwali, ine zinandionekera pa linki yoyamba

"Anzanga ndithandizeni. Ndili ndi tchanelo cha zosoka pa YouTube kuno ku Zomba, mavidiyo 35 koma oonera ndi ochepa. Mnyamata wina akuti vuto ndi About, Keywords ndi malinki, ndimupatse K30,000 ndi pasiwedi andikonzere. Ndimupatse?"

Ayi achemwali, chonde ayi. Ndawerenga mtima uli phaphapha chifukwa ine ndinapereka, ndalama ndi pasiwedi yomwe, ndipo chaka chatha ndinabweza ndalama za anapiye amene sindinagulitse.

Ambiri muno mukudziwa kuti changa ndi cha nkhuku. Ndimajambula za katemera wa chitopa, kasakanizidwe ka chakudya ndi gaga ndi soya, kutenthetsa anapiye ndi mbaula ya makala magetsi akazima. Ndalama zanga sizichokera kwa YouTube. Munthu amaonera vidiyo, n'kudina dzina la tchanelo, n'kupeza linki ya WhatsApp pansi pa mawu ofotokoza tchanelo, n'kuitanitsa anapiye. Basi. Linki imeneyo ndiye khomo la bizinesi yanga yonse. Pa tchanelo mutha kuika malinki mpaka 14, koma umene umaonekera pamwamba ndi woyamba wokha, enawo amabisala mpaka munthu adine kuti awaone. Ndipo kuyambira mu Ogasiti 2023 malinki a m'makomenti a Shorts ndi a m'mawu ofotokoza Shorts sadinikanso, ndiye aliyense wochokera ku Shorts njira yake ndi yomweyo, pa tchanelo.

Mnyamata wangayo analankhula bwino kwambiri, waulemu, bambo pano bambo apo. Anatenga K40,000. Patatha masiku awiri ananditumizira zithunzi zoonetsa kuti bokosi la Keywords ladzadza, ine n'kukondwa. Sindinatsegule tchanelo changa ngati mlendo, ndinkangolowa mu YouTube Studio kuona manambala. Manambalawo sanatsike, sanakwerenso. Chimene chinasintha n'chakuti foni inangoti zii. Kale pa sabata ndinkalandira mauthenga 10 kapena 12 a anthu ofunsa mtengo. Anatsika kufika awiri, ndipo awiriwo anali makasitomala akale amene nambala yanga anali nayo kale. Ndinkati mwina ndi nyengo ya fetereza, anthu alibe ndalama. Masabata asanu anatha choncho.

Loweruka lina cha m'ma 10 koloko ndikutsuka zomwera m'khola, mwana akubwera kuti kuli alendo. Ndikutuluka ndikupeza amayi achikulire, atsika kabaza, makatoni anayi oboola kale timabowo atawamanga ndi chingwe. Achokera ku Dedza, anadzuka usiku kukwera minibasi, anachita kufunsa anthu pamsika kuti bambo wa nkhuku wa pa YouTube amakhala pati. Akuti, "Bambo, ndabwera kudzatenga anapiye anga 200 aja, mwasiya kuyankha foni." Ine ndinati, "Amayi, anapiye ake ati?" Anatulutsa foni m'chitenje manja akunjenjemera, n'kundionetsa. Chithunzi cha pa WhatsApp chinali cha khola langa lomwe, ndi ine nditanyamula tambala. Nambala sinali yanga. Anali atatumiza K150,000 ya chikole, ndalama ya ku banki m'khonde. Ndinawafunsa kuti nambalayi munaitenga kuti. Anatsegula tchanelo changa pamaso panga, n'kudina linki yoyamba. Dzina lake linali lomwe lija ndinalemba ndekha, "Itanitsani anapiye pa WhatsApp", koma pansi pake panali kalinki kofupikitsa kosaonetsa nambala, ndipo kanatsegula macheza a mbava ija. Amayi aja anakhala pansi pa dothi pomwepo n'kuyamba kulira kuti akanena chiyani ku gulu. Anthu oyandikana nawo nyumba anayamba kusuzumira pampanda. Mkazi wanga anawalowetsa m'nyumba, n'kuwaphikira tiyi. Anapiye ndinalibe tsiku limenelo, ndinawapatsa ndalama yoyendera, ndipo patatha masabata atatu ndinawatumizira 100 osalipiritsa, chifukwa dzina limene anakhulupirira linali langa. Pambuyo pake anatulukanso anthu ena atatu.

Mnyamata uja nambala yake inasiya kupezeka tsiku lomwelo. Chimandiwawa n'chakuti anafika pakhomo panga, anadya nsima yanga, ndinamupatsanso mazira kuti akapatse mayi ake. Munthu wopanda chisoni, kubera mayi wa kumudzi amene akufuna kuyamba kuweta kuti alipirire ana sukulu! Ndipo ndikudziwa kuti akadali m'magulu ngati lino ndi dzina lina, akulemba anthu ku inibokosi.

Nditakhala pansi usiku kuti ndione zimene anachita, ndinapeza kuti sanasinthe malo amodzi. Mu YouTube Studio, pa Customization, pamene pali Description ndi Links, anafufuta mawu anga onse a Chichewa n'kuikamo Chingerezi chokopera kwina, chonena za ulimi wamakono wa dziko lonse lapansi, chosatchula n'komwe kuti ndili ku Malawi. Imelo ya pa Contact info anaika yake. Ku Keywords anadzadzamo maina a oimba otchuka ndi matimu a mpira, zinthu zosakhudzana ndi nkhuku, ndipo zimenezo malamulo a YouTube amaziona ngati kusocheretsa anthu. Kenako anapita ku Content, n'kusankha mavidiyo onse 62 nthawi imodzi, n'kugwiritsa Edit kuika linki yake pamwamba pa mawu ofotokoza vidiyo iliyonse. Ndinachotsa zonsezo mpaka 2 koloko usiku. Lachitatu lotsatira ndikukweza vidiyo yatsopano pa laputopu, linki yake ija yabweranso yokha! Ndinazizidwa thupi lonse, ndinkaganiza kuti akadali mkati. Koma anali ataibisa mu Settings, pa Upload defaults, pamene mawu amene mwalembapo amadzilowetsa okha m'vidiyo iliyonse yatsopano imene mwakweza kudzera pa kompyuta. Malo amenewo musawaiwale. Sasintha mavidiyo akale, amadikira atsopano.

Tsono zimene akufuna kukulipiritsani K30,000 mutha kuchita nokha madzulo amodzi. Pa Description ya tchanelo, imene iye akuti About, amalola zilembo 1,000, koma zimene munthu amaona asanadine kuti awerenge zambiri ndi kamzere koyamba kokha. Musayambe ndi moni wautali kapena mbiri ya moyo wanu. Yambani ndi chimene mumachita, malo, ndi chilankhulo. Inuyo mutha kulemba kuti, "Ndimaphunzitsa kusoka madiresi a chitenje ndi mayunifolomu a sukulu m'Chichewa, kuno ku Zomba." Pansi pake nenani tsiku limene mumatulutsa vidiyo, ngati mumalandira maoda, ndi kuti ofuna kukupezani adine linki yoyamba. Ine ndinawonjezera chiganizo chimene ndikanakhala nacho kale amayi aja sakanaberedwa: nambala yanga imathera ndi manambala akutiakuti, dzina lotuluka potumiza ndalama ndi lakutilakuti, wina aliyense si ine. Ndimanenanso ndi pakamwa m'vidiyo, chifukwa zolembedwa munthu atha kusintha koma mawu anga a m'vidiyo sangawasinthe.

Linki ya WhatsApp ilembeni yoonekera, osafupikitsa:

```
https://wa.me/265XXXXXXXXX
```

Pambuyo pa 265 ikani nambala yanu mutachotsa 0 woyamba uja, opanda + ndiponso opanda mipata, atsale manambala 9. Ambiri amasiya 0 uja n'kumadabwa kuti linki ikukana. Ubwino wake nambala imaonekera poyera, wina akasintha mumaona ndi maso. Ikhale yoyamba pamndandanda. Facebook ndi TikTok zibwere pambuyo, ndipo musavutike kudzadza malo onse 14, atatu akwana. Ngati mwaika linki ya gulu la WhatsApp, kumbukirani kuti mukaisintha m'gulumo yakaleyo imafa, pa tchanelo imangokhalabe ngati yamoyo.

Za Keywords ndinene mosabisa, n'zimene anyamatawa amaopsezera nazo anthu chifukwa pa apu ya pafoni siziwoneka. Muyenera kutsegula studio.youtube.com pa kompyuta, kapena pa Chrome ya pafoni mutasankha Desktop site, kenako Settings, Channel, Basic info. Malo ake ndi a zilembo 500. Sizikweza vidiyo. Zimangothandiza YouTube kudziwa kuti tchanelochi n'cha chiyani, ndipo mutu wa vidiyo ndi chithunzi chake chapamwamba zili ndi mphamvu kuposa bokosi limenelo. Langa litadzadza ndi maina a oimba oonera sanawonjezeke, nditalikonza sanawonjezekenso mwadzidzidzi. Komabe musalisiye lopanda kanthu, ine ndinakhalira langa maola awiri. Ndinapita ku Analytics, pamene amaonetsa mawu amene anthu analemba mu YouTube search n'kupeza mavidiyo anga, n'kutenga omwewo. Ndinapeza kuti anthu salemba zapamwamba, amalemba "kuweta nkhuku", "mankhwala a chitopa", "nkhuku za mikolongwe", ena amasakaniza ndi Chingerezi ngati `poultry farming Malawi`. Ndinaika mawu 12 okha, kuphatikizapo dzina la tchanelo ndi mmene anthu amalilakwitsira polemba. Inunso onani anu, mwina mupeza "kudula diresi" kapena "kusoka siketi", ikani zimenezo.

Ndiye mavidiyo 35 aja ngati sakuonedwa, kukonza About sikuwadzutsa. Kumene kumathandiza n'kwa munthu amene waonera kale, wakonda msoko wanu, akufuna kudziwa kuti muli kuti ndipo akupezani bwanji.

Ndanena kuti munthu asakhudze tchanelo chanu, komatu ngati kompyuta imakuvutani pezani wokuthandizani, ine mpaka pano mphwanga ndiye amandiikira zina. Kungoti pasiwedi sindinamupatse. Mu Settings muli Permissions, mumamuitana ndi imelo yake n'kumupatsa udindo wa Editor, akamaliza mumamuchotsa. Dziwani kuti Editor nayenso atha kusintha malinki ndi mawu ofotokoza, ndiye khalani naye pampando umodzi akamagwira, muziona chimene akudina. Ngati pasiwedi mwapereka kale, sinthani lero, muyatse 2-Step Verification, muonenso nambala ndi imelo zobwezeretsera akaunti ya Google ngati zikadali zanu.

Lolemba lililonse ndimabwereka foni ya mkazi wanga, imene sinalowe mu akaunti yanga, n'kutsegula tchanelo ngati mlendo, n'kudina linki yoyamba, kenako ya m'vidiyo yatsopano ndi ya m'vidiyo imodzi yakale, kuona ngati uthenga ukufika pa foni yanga. Yesani zimenezo usiku uno ndi foni ya wina, ndipo mukakakamira pa Desktop site paja jambulani sikirini muponye pansi pano ndikuonetseni podina.