Mtengo wa kopa ukatsika ku London, n'chifukwa chiyani ndalama ya dziko lomwe limagulitsa kopa imagwa?

"Ndimamva kuti mtengo wa kopa kapena wa mafuta ukatsika pa msika wa dziko lonse, ndalama ya dziko limene limagulitsa katunduyo imachepa mphamvu. Koma mtengowo umakhala wa m'madola, pamene anthu a m'dzikomo amalandira malipiro ndi kugula zinthu ndi ndalama yawoyawo. Nanga ziwirizi zimagwirizana bwanji? Chonde ndithandizeni."

Zikomo chifukwa cha kalata yanu. Poyambira pabwino ndi kukumbukira kuti dola nayo ndi katundu amene amagulidwa ndi kugulitsidwa m'mabanki tsiku lililonse, ndipo mtengo wake umakwera ikasowa monga mmene zimakhalira ndi katundu wina aliyense. M'dziko lodalira malonda a chinthu chimodzi, amene amabweretsa madola ambiri pa msika umenewu ndi makampani ogulitsa chinthucho kunja, pamene ofuna madolawo ndi oitanitsa mafuta, feteleza, mankhwala ndi makina, komanso boma likafuna kubweza ngongole zakunja.

Titenge dziko la Zambia, limene pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10 a ndalama zomwe limapeza pogulitsa katundu kunja amachokera ku kopa. Mtengo wa kopa sakhazikitsa ndi migodi ya ku Kitwe kapena ku Solwezi, koma umadziwikira pa msika wa zitsulo wa ku London, ndipo mgodi umangolandira mtengo umene waupeza. Mu February 2011 tani imodzi inapitirira madola 10,000, koma pofika mu January 2016 inali itatsika kufika pansi pa madola 4,500, makamaka chifukwa dziko la China, lomwe ndi logula kopa wambiri kuposa lina lililonse, linachepetsa liwiro la ntchito zake zomanga ndi za m'mafakitale.

Tiwerengere ndi manambala osavuta. Tiyerekeze kuti migodi yonse ikutumiza kunja matani 60,000 pamwezi. Mtengo ukakhala madola 7,000 pa tani, ndiye kuti madola 420 miliyoni apezeka mwezi umenewo, koma ukatsika kufika pa madola 4,500, matani omwewo, okumbidwa ndi anthu omwewo, abweretsa madola 270 miliyoni okha. Madola 150 miliyoni asowa pamwezi, chonsecho galimoto zikufunabe mafuta ndipo zipatala zikufunabe mankhwala monga kale. Oitanitsa katundu amayamba kulimbirana madola ochepawo, ndipo amene wapanikizika kwambiri amalolera kupereka makwacha ochuluka kuti apeze dola imodzi. Kukwera kwa mtengo wa dola kumeneku ndi kumene timati kugwa kwa kwacha. M'chaka cha 2015 dola imodzi inachoka pa makwacha a Zambia opitirira pang'ono 6 kumayambiriro kwa chaka n'kufika pafupifupi 11 kumapeto kwake, ndipo mu November inali itapitirirapo pamenepo.

Pali mfundo ina imene anthu ambiri saiona, ndipo ine ndimaiona kuti ndi yofunika kwambiri. Si dola iliyonse yochokera ku kopa imene imafika pa msika wa m'dzikomo. Kampani ya mgodi imasintha madola okwanira kulipira antchito, msonkho ndi amene amaigulitsa zinthu m'dzikomo, ndipo otsalawo amapita kogula makina kunja, kobweza ngongole ndi kwa eni ake a kampani. Tiyerekeze kuti zolipira za m'dziko za migodi ndi makwacha 600 miliyoni pamwezi. Dola ikakhala pa makwacha 6, migodiyo iyenera kugulitsa madola 100 miliyoni kuti ikwanitse, koma dola ikafika pa makwacha 12, madola 50 miliyoni okha ndi okwanira. Choncho kwacha ikayamba kugwa, madola obwera pa msika amachepanso kachiwiri, ndipo msonkho umene boma limatolera ku migodi nawo umatsika chifukwa phindu lachepa. Kugwa kwa ndalamaku kumapepukitsa mtolo wa mgodi, koma mtolowo umasamukira kwa munthu wamba amene amagula katundu wochokera kunja ndi malipiro amene sanasinthe.

Msika sudikiranso kuti madola ayambe athadi. Amalonda akangoona kuti mtengo wa kopa ukutsika, oitanitsa katundu amathamangira kugula madola a miyezi yamtsogolo, amene ali nawo amawasunga kudikira kuti akwere, ndipo alendo amene anabwereketsa ndalama ku boma amagulitsa zikalata zawo n'kutuluka. N'chifukwa chake ndalama imatha kugwa tsiku lomwelo nkhani itangomveka, kopa wa mtengo watsopanowo asanakwezedwe n'komwe m'sitima.

Tsono kunena za dola yeniyeniyo, chimene chimavuta si dzina la ndalama imene mtengo walembedwamo, popeza ngakhale ukanalembedwa m'mayuro, kutsika kwake kukanachepetsabe ndalama zakunja. Komabe dola ili ndi vuto lake lapadera. Ikakwera mphamvu pa dziko lonse, monga zinachitikira kuyambira chakumapeto kwa 2014, ogula a ku Ulaya ndi ku Asia amaona kuti kopa wawadulira mu ndalama zawo, ndipo kawirikawiri mtengo wake wa m'madola umatsika. Dziko logulitsa limamenyedwa mbali ziwiri nthawi imodzi, chifukwa madola amene likupeza achepa pamene ngongole zake za m'madola zikufuna ndalama za m'dzikomo zochuluka kuti zibwezedwe.

Mwina mungafunse kuti bwanji banki yaikulu osangokana kuti ndalama igwe. Ikhoza kutero pogulitsa madola ake osungidwa, koma nkhokwe ikayamba kuchepa, mphamvu imeneyo imatha. Dziko la Nigeria linayesa njira imeneyi mafuta atatsika kuchoka pa madola oposa 100 pa mgolo pakati pa 2014 kufika pansi pa madola 30 mu January 2016. Banki yaikulu inagwira dola pa manaira pafupifupi 199, koma madola anasowa m'mabanki, mtengo wa pa msika wamseri unapitirira manaira 300, ndipo mu June 2016 bankiyo italekerera, dola inalumphira pa manaira pafupifupi 280 nthawi yomweyo. Dziko la Saudi Arabia lakwanitsa kusunga dola pa mariyali 3.75 kuyambira mu 1986, chifukwa m'zaka za mitengo yabwino linaunjika chuma chambiri kunja chimene limatapako mitengo ikatsika.

Musafulumire kuloza chala mtengo wa katundu nthawi zonse ndalama ikagwa. Mu 2015 momwemo madzi anachepa m'damu la Kariba, magetsi anavuta ku Zambia mpaka migodi inakhudzidwa, ndipo boma linkagwiritsa ntchito ndalama zambiri kuposa zimene linkatolera. Njira yodziwira gwero lenileni ndi kuyerekeza ndi dziko lina logulitsa katundu yemweyo. Ndalama ya ku Chile, dziko limene limakumba kopa wambiri kuposa onse, inachepanso mphamvu chaka chimenecho, koma pang'ono poyerekeza ndi kwacha. Gawo limene ndalama ziwirizo zinagwera limodzi tingati linachokera ku kopa ndi ku mphamvu ya dola, pamene gawo lalikulu limene kwacha inagwa yokha liyenera kufufuzidwa m'ngongole za boma, m'vuto la magetsi ndi m'kuchepa kwa madola amene banki yaikulu inali itasunga.