Yankho la m'Chiesperanto likamveka bwino, musafulumire kulikhulupirira

"Ndayamba kuphunzira Chiesperanto ndipo ndimauza makina ocheza nawo a AI kuti azindiyankha m'chinenerochi. Mayankho ake amaoneka osalala, koma ineyo sindinafike potha kuona cholakwa. Kodi ndingawakhulupirire mpaka pati?"

Funso lanuli landikhudza, chifukwa kusalala komweko ndi kumene kunandipweteketsa. Ndili ndi mnzanga wachikulire amene timalemberana makalata m'Chiesperanto. Iye anaphunzira chinenerochi ine ndisanabadwe, ndipo sakonda kudzudzula munthu. Tsiku lina ndinali wotopa, ndiye ndinafotokozera makina zimene ndimafuna kunena n'kuwauza kuti andilembere kalatayo. Ina mwa nkhani zake inali yoti mchimwene wanga anakumana ndi munthu woyandikana naye nyumba n'kulipira ngongole yake. Makina analemba kuti:

```
Mia frato renkontis la najbaron kaj pagis lian ŝuldon.
```

Ndinawerenga kawiri, sindinaone vuto. Zilembo zonse zinali m'malo, `-n` wosonyeza cholandira mchitidwe analipo, ndinatumiza. Mnzanga poyankha anayamikira kwambiri mchimwene wanga kuti ndi munthu wamtima wabwino, wolipirira anzake ngongole masiku ovuta ano. Ndinachita manyazi, popeza mchimwene wanga sanalipirire munthu aliyense. Anangobweza ndalama zimene iye mwini anakongola.

Vuto linali pa mawu amodzi. M'Chichewa timangoti "yake", kaya ngongoleyo ndi ya mchimwene kaya ya mnzakeyo, ndipo Chingerezi nachonso sichisiyanitsa. Chiesperanto chimakukakamiza kusankha. `sian ŝuldon` ndi ngongole ya wolipirayo, pomwe `lian ŝuldon` ndi ya mwamuna wina. Makinawo sanandifunse kuti ngongole ndi ya yani. Anangosankha okha, nalemba chiganizo chopanda banga pa galamala koma chonena zabodza.

Anthu amakonda kunena kuti Chiesperanto n'chosavuta kwa makina chifukwa Zamenhof, amene anachitulutsa ku Warsaw mu 1887, anachipatsa malamulo 16 okha. Mawu amenewa ine sindikugwirizana nawo, ndipo ndikamawamva mobwerezabwereza amandikwiyitsa. Makinawa saloweza malamulo, amatengera zolemba zimene anadyetsedwa. Zolemba za Chiesperanto n'zochepa poyerekeza ndi za Chingerezi, ndipo zina mwa izo zinalembedwa ndi ophunzira kumene kapena kumasuliridwa ndi makina ena. Chimene chimatuluka nthawi zambiri ndi maganizo a Chingerezi atavala malaya a Chiesperanto. Mukalandira `Mi ne povas kontroli mian koleron`, dziwani kuti mwagwa m'mbuna imeneyi: `kontroli` ndi kufufuza ngati chinthu chili bwino, pomwe kuugwira mtima pa mkwiyo kumafuna `regi`. Chimodzimodzi `Mi bolas la akvon`. Madzi ndiwo amawira, `la akvo bolas`, koma munthu amawiritsa, `mi boligas la akvon`, monga ife timasiyanitsira kuwira ndi kuwiritsa. Pamenepa khutu lathu la Chichewa limatithandiza kuposa mmene timaganizira.

Sindikuti makinawa ndi achabe. Pa macheza a tsiku ndi tsiku, moni, nkhani zazifupi zoti muziwerenga, amene ndagwiritsa ntchito amalemba bwino kuposa mmene ine ndinkalembera m'chaka changa choyamba. Pomwe sindiwakhulupirira n'komwe ndi pa ndakatulo, pa mawu a luso linalake, komanso akayamba kufotokoza lamulo la galamala. Amatha kupeka mawu omveka ngati enieni, kapena kupereka chifukwa chabodza molimba mtima.

Nanga mutani?

Pemphani m'Chiesperanto momwemo, chifukwa mukasakaniza zinenero yankho limakonda kubwerera ku Chingerezi:

```
Respondu nur en Esperanto. Uzu la literojn ĉ, ĝ, ĥ, ĵ, ŝ, ŭ.
Se mia frazo estas dusenca, demandu min.
```

Mzere wachiwiriwo ukupempha kuti akufunseni ngati chiganizo chanu chili ndi matanthauzo awiri. Sumagwira ntchito nthawi zonse, koma ndikanaulemba tsiku lija mwina mnzanga sakanasokonezeka. Yankho likabwera, imani pa `sia`, `lia` ndi `ŝia` aliyense n'kudzifunsa kuti chinthucho n'cha yani. Mawu ofanana kwambiri ndi a Chingerezi muwayang'ane mu PIV, dikishonale yaikulu ya Chiesperanto, pa vortaro.net, lamulo mulitsimikize mu PMEG, buku la galamala la Bertilo Wennergren, ndipo mukakayika ngati anthu amanenadi choncho, fufuzani mu Tekstaro, nkhokwe ya pa intaneti ya zolemba za Chiesperanto. Kalata ikakhala ya ndalama, ya maliro kapena yopepesa, ipatseni kaye munthu wodziwa chinenerochi aiwerenge musanatumize.