Yankho kwa a Malume a ku Nchalo pa za penshoni

"Mwana wanga amagwira ntchito ku minda ya nzimbe, amamudula penshoni mwezi uliwonse. Ndalamazo akudya ndi nkhalamba zomwe zinapuma kale?"

Malume, mtima ukhale m'malo. Lamulo la penshoni la 2011 linakhazikitsa kuti wantchito azisonkha 5 peresenti ya malipiro, bwana 10 peresenti, ndipo zimalowa m'thumba lolembedwa dzina la mwana wanuyo. Ndi nkhokwe yakeyake.

Zomwe mukuopazo ndi njira ina, yomwe msonkho wa ogwira ntchito lero umapita kwa opuma mwezi womwewo, osasungidwa. Tiyerekeze: anthu 5 olandira K200,000 aliyense akusamala gogo mmodzi wofunika K100,000. Aliyense apereka K20,000 basi. Koma ana akamabadwa ochepa, okalamba n'kumakhala zaka zambiri, osonkha amatsala 2, ndipo aliyense ayenera kupereka K50,000. Apo boma limakweza msonkho, kuchepetsa penshoni, kapena kuwonjezera zaka zogwira ntchito munthu asanapume. Japan ndi Italy akulimbana nazo zimenezi.

Nkhokwe ya mwana wanu mdani wake ndi wina: kukwera mitengo kwa zinthu, komanso bwana wodula ndalama koma osazitumiza. Chimenechi chimandiwawa kwambiri. Muuzeni apemphe sitetimenti ku kampani yosunga penshoni yake, aone ngati mwezi uliwonse ukuoneka.