Masikirinishoti oti mupite nawo kwa ankhoswe pa nkhani ya ngongole

"Ndinabwereka mlamu wanga madola 300 mu Malichi, anabweza 100 yokha, ndipo pano sitikulankhulana. Ankhoswe atiitana Loweruka ku Mufakose. Mauthenga athu a pa WhatsApp ndi ambirimbiri, ndipo ena ndinalemba nditapsa mtima. Ndisankhe ati kuti ndisaoneke ngati ndikumunamizira? Kapena ndingopita kupolisi?"

Mayi, za kupolisi ndisiyira ena, ine ndiyankha za masikirinishoti chifukwa ndakhala ndikulemba zokambirana m'bungwe lathu la maliro ku Highfield muno mu Harare, ndipo milandu ya ndalama yobwera ndi mauthenga a pa foni ndaiona ikuyenda bwino ndiponso ikuipa. Chinthu choyamba choti mukumbukire n'chakuti mauthenga onse amene muli nawo, alamu anunso ali nawo m'foni mwawo, ndipo Loweruka foniyo idzakhala m'chikwama chawo. Choncho chilichonse chimene mungadumphe chidzatuluka ndithu, kungoti chidzatulutsidwa ndi iwo, pa nthawi imene yawakomera iwo.

N'chifukwa chake sindikugwirizana ndi amene akukuuzani kuti mutenge mauthenga okhawo amene alamu anu akuvomera ngongole. Musasankhe potsata zimene zikukukomerani, sankhani potsata masiku. Pa nkhani yanuyi ndikuona kuti masiku ofunika ndi anayi: tsiku limene anapempha ndalamazo ndi kugwirizana za kabwezedwe, tsiku limene ndalama zinachoka m'manja mwanu, tsiku limene anabweza madola 100, ndi tsiku limene munayambana mpaka kusiya kulankhulana. Mukasankha tsiku, mujambule macheza onse a tsikulo okhudza ngongoleyo, kuyambira pa moni mpaka pamene nkhaniyo inathera, mawu anu ndi mawu awo omwe. Lamulo limeneli ndi losavuta kulifotokoza pamaso pa akuluakulu, chifukwa akakufunsani kuti bwanji mwabweretsa izi osati zina, mudzangoti mwatenga masiku amene ndalama inakambidwa, ndipo simunachotsepo kanthu m'masikuwo.

Ndipereke chitsanzo cha mmene kudula kumasinthira nkhani. Tiyerekeze kuti mu Malichi alamu anu analemba kuti, "Ndibweza kumapeto kwa Meyi." Mukajambula mawu okhawo, iwo aoneka ngati munthu wophwanya lonjezo. Koma mwina patangopita mphindi ziwiri anawonjezera kuti, "ngati abambo a kunyumba alandira ndalama zawo kuntchito," ndipo inu munayankha kuti, "Palibe vuto, tidzaona." Apa ngongole ikadalipo, madola 200 sanathawe, koma tsiku lobwezera silinali lomangika monga mmene inu mukulikumbukira. Ankhoswe akaona mauthenga atatuwo pamodzi angathe kunena kuti ngongole ibwezedwe pang'onopang'ono, ndipo inu mutuluka ndi ulemu wanu. Akaona woyamba wokha, kenako alamu anu n'kutulutsa awiri otsalawo, nkhani ya ndalama iyamba yaima kaye, anthu n'kuyamba kukambirana chifukwa chimene munabisira mawuwo.

Zimenezi ndinaziona ndi maso m'bungwe lathu, ndipo mpaka lero ndimachenjeza aliyense. Mayi wina anabwera ndi zithunzi zosindikiza bwino zosonyeza mnzake akumunyoza chifukwa cha ndalama za chipeleganyu, ndipo kunena zoona ndalamazo anali nazodi mangawa mnzakeyo. Koma pachithunzi chilichonse panali mawu a mnzakeyo okha, mbali ya iye mwini itadulidwa. Mkulu wina amene ankatsogolera zokambiranazo anangofunsa modekha kuti, "Kodi ameneyu ankadzitukwana yekha?" Mnzake uja anatsegula foni n'kuwerenga zimene mayiyo analemba poyamba, zomwe zinali zoopsa kuposa mayankho ake. Kuyambira pamenepo akuluakulu sanakhulupirirenso chilichonse chimene mayiyo ananena, ngakhale uthenga wa EcoCash wotsimikizira ndalama zotumizidwa pa foni umene unali woona anayamba kuukayikira. Zinali ngati za wogulitsa tomato pa Mbare amene waika wabwino pamwamba, wovunda pansi: wogula akangopeza mmodzi wovunda, amakayikira dengu lonse. Mlanduwo unatha onse awiri atadzudzulidwa mofanana, ndipo ndalama zinabwera mochedwa kwambiri.

Choncho mauthenga amene munalemba mutapsa mtima muwaike, makamaka a tsiku limene munayambana. Ndi bwino kuti muwatchule nokha pofotokoza nkhani yanu, kuti apa ndinalankhula mosayenera, kusiyana ndi kuti awerengedwe mokweza ndi munthu wina. Muikenso mauthenga amene akuonetsa alamu anu ali ndi mtima wabwino, monga pamene anapepesa, pamene anafotokoza vuto lawo, ndi pamene anatumiza madola 100 aja. Ankhoswe sabwera kudzapeza wopambana, amabwera kudzalumikiza banja, ndipo amafuna poyambira pofewa.

Tsopano kajambulidwe kake, chifukwa anthu ambiri amalakwitsa apa ngakhale alibe maganizo obisa kanthu. Chithunzi chilichonse chiyambe ndi uthenga umene unali womaliza pachithunzi cham'mbuyo, kuti wowerenga aone kuti palibe chadumphidwa pakati. Musadule pamwamba pamene pali dzina la munthuyo, ndipo ngati munasunga nambala yawo ndi dzina lachipongwe nthawi imene munakwiya, mulikonze musanajambule. Pansi pa uthenga uliwonse WhatsApp imangoonetsa ola, pamene tsiku limaoneka m'kabokosi kakang'ono pakati pa macheza, choncho chithunzi choyamba cha tsiku lililonse chikhale ndi kabokosi kameneko. Pa mauthenga aposachedwa kabokosiko kamangoti "Today" kapena "Yesterday", mawu amene sadzathandiza aliyense Loweruka, ndiye mulembe detilo ndi cholembera papepala.

Chonde musafufute kanthu pakali pano. Uthenga wochotsedwa ndi "Delete for me" umasowa m'foni mwanu mokha osasiya chizindikiro, koma m'foni ya alamu anu umakhalapobe, ndipo mafoni awiriwo akaikidwa pamodzi kusiyanako kumaonekera poyera. Ngati munafufutapo kale zina, muwauziretu ankhoswe musanayambe. Pamene pali mawu akuti "This message was deleted" kapena "Edited", muwasiye aoneke, koma musalumbire za zimene zinali mu uthenga wofufutidwawo ngati mulibe umboni wake. Nenani kuti mukukumbukira zakutizakuti, ndipo mwiniwake afunsidwe.

Mauthenga amawu ndiwo amavuta kwambiri, ndipo ife kuno timakonda kutumizirana amenewo. Sikirinishoti imangoonetsa kuti panali uthenga wa mphindi ziwiri, sinena zimene zinalankhulidwa. Kawirikawiri mgwirizano weniweni wa ngongole umakhala mmenemo, kapena m'foni imene munaimbirana. Musaulembe mwachidule m'mawu anuanu, chifukwa mosadziwa mudzaukometsera mbali yanu. Lembani pambali pa chithunzicho kuti apa pali uthenga wamawu, ndipo Loweruka muuyatse wonse kuyambira poyamba, osati pakati pamene pali mawu amene mukuwafuna. Ngati munkasakaniza Chishona ndi Chichewa monga timachitira ambiri, ndipo mwa ankhoswewo muli wina amene Chishona chimamuvuta, womasulira asakhale inu kapena alamu anu.

Umboni wa ndalama ndi wosiyana ndi macheza, ndipo ndi umene uli wolemera kuposa zonse. Ngati munatumiza pa EcoCash, uthenga wotsimikizira umaonetsa kuchuluka kwa ndalama, dzina la wolandira ndi nambala ya katumizidweko. Mujambule umenewo pamodzi ndi wa madola 100 amene anabweza. Mungathe kuphimba ndalama zotsala mu akaunti yanu, chifukwa sizikukhudza mlanduwu. Ngati munaperekana pamanja, fufuzani uthenga umene alamu anu analemba kuti alandira kapena kuthokoza, ndipo ngati panali mboni muitchule.

Palinso zimene simuyenera kupita nazo ngakhale zikukukomerani. Mauthenga amene achibale ena anakulemberani mwamseri onena alamu anu, muwasiye, chifukwa eni ake sanakupatseni kuti mukawaonetse, ndipo mudzayatsa mlandu wachiwiri m'banja lomwelo. Masikirinishoti amene munthu wina anakutumizirani muwasiyenso, popeza simungathe kuonetsa zimene zinali pamwamba ndi pansi pake. Ngati mkati mwa masiku anayi aja alamu anu anakuuzani za matenda kapena za m'nyumba mwawo, phimbani mawuwo papepala, koma munene poyera kuti apa ndaphimba nkhani yachinsinsi ya alamu anga, ndipo iwo akalola ionedwa pafoni. Kuphimba kotere n'kosiyana ndi kudula, chifukwa aliyense akuona kuti pali chophimbidwa ndipo akudziwa chifukwa chake.

Wina wanena kuti mungogwiritsa ntchito "Export chat" n'kupereka zonse. Njirayo ndi yabwino posunga macheza anu kuti asatayike, koma si yopita nayo kwa akuluakulu. Imatulutsa masamba ambirimbiri a timalemba ting'onoting'ono, ndipo mukasankha "Without media" mauthenga amawu ndi zithunzi sizibwera, pamalo pake pamangolembedwa kuti zachotsedwa. Komanso fayiloyo ndi malemba wamba amene aliyense angathe kusintha, choncho wokayikira adzakayikirabe. Za amene akuti muponye zonse m'gulu la banja kuti anthu aweruze okha, ndingoti mukatero ankhoswe adzapeza mlandu utaweruzidwa kale ndi ana ndi adzukulu, ndipo alamu anu adzabwera kudzateteza manyazi awo, osati kudzakambirana za ngongole.

Pa masiku anayi amenewa mupeza zithunzi pakati pa khumi ndi khumi ndi zisanu, ndipo zikapitirira makumi awiri akuluakulu amatopa n'kusiya kuwerenga. Musindikize ziwiri patsamba limodzi kuti malemba akule, ndipo musanajambule muchotse mtundu wakuda wa pa foni, chifukwa umatuluka mbuu papepala. M'mashopu osindikiza a m'tauni kapena pa Machipisa, mukhoza kupeza makope atatu osakhala amitundu: lanu, la ankhoswe, ndi la alamu anu. Mulembe manambala pamasambawo motsatana ndi masiku, ndipo musalembepo ndemanga kapena kudula mizere pansi pa mawu awo.

Kope la alamu anu lidutse kwa ankhoswe pofika Lachinayi, pamodzi ndi uthenga wakuti ngati akuona kuti pali tsiku lina lofunika limene simunaliike, alibweretse kapena anene kuti muwonjezere. Mapepalawo ndi ongothandiza kuwerenga, umboni weniweni ndi foni, choncho muitchaje Lachisanu usiku popeza magetsi sadalirika, ndipo mkulu akafuna kuona zimene zili pamwamba kapena pansi pa chithunzi china, mutsegule machezawo n'kumupatsa foniyo m'manja kuti ayendetse yekha.