Mawu a pansi pa chithunzi chosaoneka bwino

"Achimwene, ndili ndi zithunzi ziwiri. China ndinajambula ndili m'minibasi pa msewu wa Cairo mu Lusaka mvula ikugwa, ndipo chinatuluka chosaoneka bwino koma chimandisangalatsa. China ndi thambo chabe, ndinajambulira ku Kabwata. Ndikufuna kapishoni yoti munthu aime kaye n'kumadzifunsa, koma zonse zimene ndikulemba zikumveka ngati uthenga wa maliro. Ndilembe bwanji?"

Achemwali, musanalembe kanthu yang'anani kaye chimene chinasokoneza chithunzicho, chifukwa mawu amatsatira pamenepo. Kukayamba kuda, cha m'ma 18 koloko, kamera ya foni imatsegula diso lake nthawi yotalikirapo kuti kuwala kulowe, mwina 1/15 ya sekondi kapena kupitirira. Minibasi ikagwedezeka panthawiyo, magetsi a magalimoto amasanduka mizere yofiira ndi yoyera. Chithunzi chotere chimanena za kuyenda, choncho chimafuna mawu a kuchoka, kuchedwa kapena kupitirira malo. Koma ngati kamera inagwira madontho a pa galasi n'kusiya msewu, magetsi amaoneka ngati timipira tofewa, ndipo wopenya amamva kuti wojambulayo wakhala phee mkati, akuyang'ana kunja. Pamenepo mawu a kudikira ndiwo amagwirizana nacho. Mukasinthanitsa, anthu amamva kuti china chake chalakwika ngakhale sangachitchule.

Chinsinsi cha kapishoni yodabwitsa n'chakuti muuze owerenga chinthu chimodzi chogwirika chimene sichikuoneka pachithunzipo, kenako mubise chimodzi: ndani, kapena chifukwa chiyani. Chimodzi chokha. Mukabisa zonse, munthu alibe poyambira kudzifunsa ndipo chala chimangopitirira.

Tiyese ndi chithunzi cha pa Cairo, titenge kuti ndi cha mizere ya magetsi, nyumba ya Findeco ikuoneka mbuu kumbuyo. Ambiri amayamba ndi mawu ngati "Moyo ndi ulendo wamdima, mtima wanga wasochera." Vuto lake n'lakuti mungawaike pansi pa chithunzi chilichonse, ngakhale cha mbale ya nsima, ndipo sangasinthe kanthu. Moyo, mtima, chikondi, tsogolo, onsewa ndi mawu aakulu amene satsegula funso lililonse. Ena amathawira mbali inayo n'kulemba kuti "Msewu wa Cairo usiku, mvula ikugwa." Izi n'zoona, koma maso aona kale zimenezo. Tsopano onani iyi:

"Siteji yanga ndaipitirira dala."

Mawu anayi. Siteji sikuoneka pachithunzipo, koma aliyense wokwera minibasi akuidziwa, ndipo akudziwanso kuti munthu sapitirira pamalo potsikira mvula ikugwa popanda chifukwa. Chifukwacho ndiye chabisika, ndipo "dala" ndiye akunyamula funso lonse. Mukamuchotsa, yatsala nkhani ya munthu amene anagona m'basi. Mukawonjezera kuti "chifukwa sindikufuna kufika kunyumba", mwayankha nokha funso, ndiponso mwaitana achibale kuti akufunseni za kunyumbako.

Chikanakhala cha madontho a pa galasi, ndikanasankha "Anati abwera mvula ikakata." Apa chilankhulo chathu chimatithandiza kwambiri. Ka "a-" ka mu "anati" sikaulula ngati ndi mwamuna kapena mkazi, munthu mmodzi wolemekezeka kapena gulu. Owerenga aliyense amaikapo munthu wake. Palinso "-kada-", amene amanena za chimene chinalephereka osafotokoza, monga "Ndikadatsika pano", ndi "-be" wa chinthu chosatha, monga "Ndikuyang'anabe mbali yomweyo." Chenjerani ndi "chi-". Mukalemba kuti "Chinadutsa pano", mwalowa m'nkhani za ufiti ndi zoopsa za usiku, ndipo ndemanga zake zidzakhala za mapemphero.

Thambo ndilo lovuta kwambiri, ndipo apa ndi pamene maliro aja akulowera. Anthu anazolowera kuona mitambo, nkhunda ndi kandulo pa zilengezo za imfa. Ndiye chithunzi cha thambo chikangokumana ndi mawu ngati "wapita", "watisiya", "tidzaonananso", "pumulani" kapena "kumwamba", azakhali a ku Chipata amaimba foni nthawi yomweyo kufunsa kuti kwagwanji. Mawu amenewa asiyeni, pamodzi ndi emoji ya nkhunda, ya kandulo ndi ya mtima wosweka. Chimene chimapulumutsa thambo ndi kulimangirira pansi, ku nyengo ndi ku zochitika za tsiku ndi tsiku. Thambo la Lusaka silifanana chaka chonse. Mu Juni ndi Julayi limakhala loyera, kukuzizira. Mu Ogasiti mphepo imautsa fumbi, ndipo pofika Seputembala fumbi ndi utsi wa moto wa m'tchire zimachititsa kuti dzuwa lizilowa lili psuu. Kumapeto kwa Okutobala ndi mu Novembala mitambo imaunjikana masana, nthawi zina n'kubalalika osagwetsa dontho. Pa mitambo yotereyi, "Zovala zili pa chingwe, palibe wozianula" imagwira ntchito: chingwe sichikuoneka, mvula ikuopseza, ndipo funso ndi lakuti eni ake ali kuti. Pa thambo lopanda mtambo la mu Julayi, "Kunali phokoso pansipa, sindinajambule" imapangitsa munthu kuganizira zimene zili kunja kwa chithunzi.

Mawu ofanizira monga zii, bii ndi mbuu ndi amphamvu, koma limodzi ndi lokwanira, ndipo lisabwereze zimene chithunzi chanena kale. "Bii" pansi pa chithunzi chakuda sakuwonjezera kanthu. "Zii" pansi pa msewu wodzaza magalimoto ndiye amadabwitsa, chifukwa maso akuona phokoso pamene mawu akunena za bata. Miyambi ndimailetsa pa zithunzi zamtunduwu. Mwambi umabwera ndi phunziro lake lotheratu, ndipo pa WhatsApp anthu amaumva ngati mukuponyera wina mawu. N'chimodzimodzi ndi "iwe" komanso "anthu ena": mnzanu amene munasemphana naye sabata yatha adzati mukunena iyeyo, ndipo sitetasi imakhala pamenepo maola 24.

Za kutalika, mawu anayi mpaka asanu ndi anayi ndi okwanira, chiganizo chimodzi. Instagram imadula kapishoni ikafika zilembo pafupifupi 125 n'kuika `more`, ndipo mawu a Chichewa ndi ataliatali, moti malowo amatha msanga. Mzere umene wadulidwa pakati wataya mphamvu yake. Malizani ndi mpumiro umodzi. Timadontho titatu tija timachonderera owerenga kuti aone kuti mukubisa kanthu, pamene mpumiro umamveka ngati munthu amene wanena zake n'kutseka pakamwa. Mahashitagi, ngati mukuwafuna, apite mizere ingapo pansi kapena mu ndemanga yoyamba. Ndipo ngati munajambulira pafupi ndi pakhomo panu ku Kabwata, musaike chizindikiro cha malo enieni; dzina la dera kapena "Lusaka" basi.

Musanatumize, yesani kawiri. Phimbani chithunzi ndi dzanja muwerenge mawu okha: akamveka ngati uthenga wotsanzika kapena wa ndewu, sinthani mneni. Kenako ikani mawu omwewo pansi pa chithunzi china cha mufoni yanu. Akakwanira bwinobwino pamenepo, ndiye kuti sanali a chithunzi chanucho, ndipo muyenera kufunafuna chinthu chogwirika cha pamalo paja, kaya ndi kondakitala, chenji, ambulera kapena chingwe cha zovala, n'kuyambira pamenepo.